Kalata ya Azakhali: Kunyamula Sikoselo Sikudwala Sikoselo

Ankhoswe akakhala pansi kukambirana za ukwati amafunsa za mudzi, za mtundu, za ntchito ndi za mpingo, ndipo masiku ano ambiri amakumbutsanso achinyamata kukayezetsa HIV. Za sikoselo sizimveka kawirikawiri, chonsecho akuluakulu a zaumoyo ku Zambia amati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse m'dzikomo ananyamula chibadwa cha matendawa, ndipo ambiri sadziwa. Nkhaniyi taiika m'kalata imene namwino wopuma pa ntchito akulembera mwana wa mchimwene wake, mtsikana wa ku Bwacha m'tauni ya Kabwe, pamodzi ndi mnyamata amene akufuna kumanga naye banja.

Wokondedwa mwana wanga, ndi inu bambo amene mukufuna kutitengera mwana,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Kalatayi ndalembera nonse awiri, choncho mukhale pamodzi poiwerenga, ndipo aliyense awerenge mpaka kumapeto.

Mwana wanga, unandiuza kuti papepala limene anakupatsa ku kiliniki panalembedwa kuti "Sickling test: positive", ndipo kuyambira tsiku limenelo tulo sukuliona. Mnzako wina wakuuza kuti sudzabereka, wina wati sufika zaka 30. Zonsezo n'zabodza. Pepala lako likunena chinthu chimodzi chokha: m'magazi mwako muli himogulobini ya mtundu wa S. Silikunena kuti ukudwala. Kuti umvetse kusiyana kwake, tiyambire m'magazi momwemo.

Magazi amaoneka ofiira chifukwa cha maselo ofiira, ndipo selo lililonse ndi lodzaza ndi himogulobini, imene imatenga okosijeni m'mapapo n'kukamusiya m'thupi monse. Malangizo a kapangidwe ka himogulobini munthu amalandira kawiri, kamodzi kuchokera kwa mayi, kamodzi kuchokera kwa bambo, ndipo zimenezi zimatheratu tsiku limene mimba yaima. Himogulobini ya masiku onse timaitcha A. Yosinthika pang'ono ija timaitcha S. Wolandira A kumbali zonse ziwiri ndi AA. Wolandira A kumbali imodzi, S kumbali inayo, ndi AS, ndipo ameneyu ndiye timati wanyamula sikoselo. Wolandira S kwa mayi ndi S kwa bambo ndi SS, ndipo ameneyu ndiye wodwala. Zilembo ziwirizi sizisintha moyo wonse. Munthu wa AS sasanduka SS ngakhale akalambe, atenge mimba, adwale malungo kapena asowe chakudya. Matendawa sapatsirana pogonana, poyamwitsa kapena podyera mbale imodzi.

Vuto la himogulobini S limayamba ikangotula okosijeni. Timagawo take timamatirirana n'kupanga timizere touma m'kati mwa selo, ndipo selo lija, limene linali lozungulira ndi lofewa, limapindika ngati chisikilo chomwetera udzu. Selo lopindika silitha kudzipanikiza kuti lidutse m'timitsempha ting'onoting'ono. Limakakamira, ena amadzaunjikana pambuyo pake, magazi amaima, ndipo fupa kapena chiwalo chimene chili kutsogoloko chimasowa mpweya. Apa ndi pamene pamachokera ululu umene odwala amaufotokoza kuti uli m'kati mwenimweni mwa mafupa. Komanso maselo oterewa sakhalitsa. Selo labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene la munthu wa SS limasweka pakangopita masiku 10 mpaka 20. Thupi limayesetsa kupanga ena koma silikwanitsa, n'chifukwa chake mwana wa SS amakhala ndi magazi ochepa nthawi zonse, ndipo maso ake amaoneka achikasu chifukwa cha zotsalira za maselo oswekawo.

Mwa munthu wa AS zinthu sizifika pamenepo. M'selo lake lililonse muli mitundu yonse iwiri, ndipo A ndi amene amachuluka. S amakhala pafupifupi magawo 35 mpaka 40 pa 100 alionse. A uja amalowerera pakati, timizere touma tija sitipangika, selo limakhalabe lofewa n'kukwanitsa masiku ake onse. Munthu wa AS sakhala ndi magazi ochepa chifukwa cha S, samva ululu wa m'mafupa uja, safunika mankhwala a tsiku ndi tsiku, amabereka, amalima, amasewera mpira, amakalamba. Ine ndemwe, zakhali wako, ndine AS. Ndagwira ntchito za usiku m'mawodi zaka zambiri, ndabereka abale akowa, ndipo lero ndili ndi imvi. S wakoyo n'kutheka kuti anachokera kumbali yathu, kudzera mwa bambo ako.

Sindikubisa kuti wonyamula ali ndi zochepa zoti azisamala. Thupi likapanikizika kopitirira muyeso, monga pothamanga mtunda wautali padzuwa la mu Okutobala osamwa madzi, kapena pa maphunziro a usilikali, maselo ena atha kupindika ndipo munthu atha kukomoka. Mankhwala ake ndi kumwa madzi, kuzolowetsa thupi pang'onopang'ono ndi kupuma ukamva kuti zafika povuta. Nthawi zina wonyamula amaona magazi mumkodzo. Zikatero apite kuchipatala, asangoti ndi likodzo, chifukwa impso zimafunika kuonedwa. Ukadzakhala woyembekezera, kapena akadzafuna kukuchita opaleshoni, uwauze a chipatala kuti ndiwe AS. Zonse ndi zomwezi.

Mwina udabwa kuti chibadwa chimene chimapha ana chinachuluka bwanji chonchi pakati pathu. Chinachulutsa ndi malungo. Mwana wa AS amadwala malungo ndithu, koma kawirikawiri safika pa malungo aakulu okomola kapena otha magazi. Kalekale, mankhwala kulibe, ana a AS ndi amene ankapulumuka kwambiri, n'kukula, n'kupatsira S kwa ana awo. Mbali ina ya nkhaniyi inazindikirika m'dziko mwathu momwe muno. Matendawa analembedwa koyamba m'mabuku a zachipatala mu 1910 ndi dokotala wa ku Chicago, James Herrick, koma mu 1946 dokotala wina wa boma, E. A. Beet, akugwira ntchito ku Balovale, kumene lero timati Zambezi, anaona kuti tizilombo ta malungo sitinkapezeka kawirikawiri m'magazi a anthu onyamula S poyerekeza ndi anzawo. Anthony Allison anadzatsimikizira zimenezi kum'mawa kwa Africa mu 1954. Beet yemweyo, potsatira mabanja a kuno, anasonyeza mu 1949 kuti mwana amadwala pokhapokha atalandira S kwa makolo onse awiri, ndipo chaka chomwecho James Neel anapezanso zomwezo ku America. Choncho S si tsoka la banja lathu kapena chilango cha makolo. Anateteza makolo athu ku malungo, ndipo ife tinamulandira. Komabe neti uzigonamo, chifukwa chitetezo chimenechi n'chosakwanira.

Tsopano tibwerere ku pepala lako. Poyeza mwa njira imene anakuyezera iwe, amatenga dontho la magazi, amalisakaniza ndi mankhwala ochotsa okosijeni, amalivundikira ndi kagalasi, kenaka amaliona pa maikulosikopu. Okosijeni akachotsedwa mokakamiza chonchi, maselo a munthu aliyense amene ali ndi S amapindika, kaya ndi AS kaya ndi SS. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo imapezeka m'zipatala zambiri, koma siisiyanitsa wonyamula ndi wodwala. Iwe wafika msinkhu uno osaikidwapo magazi, osagonekedwapo chifukwa cha ululu wa m'mafupa, maso ako ndi oyera, kotero ndikuyembekezera kuti ndiwe AS. Koma kuyembekezera kwa zakhali si umboni. Pali kuyeza kwina kumene papepala la dokotala amalemba kuti "Hb electrophoresis". Amaika magazi pa kapepala kapadera n'kudutsitsapo mphamvu ya magetsi, ndipo mitundu ya himogulobini imayenda mosiyana liwiro, A patsogolo, S pambuyo, uliwonse n'kusiya mzere wake. Mzere wa A wokha ndiye AA. Mizere iwiri, wa A wokulirapo, ndiye AS. Mzere wa S popanda wa A ndiye SS. Makina ena otchedwa HPLC amachita ntchito yomweyo n'kutchulanso kuchuluka kwa mtundu uliwonse. Kulinso tizipangizo toyezera mwachangu ndi dontho la kuchala, monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, timene timasiyanitsa AA, AS ndi SS m'mphindi zochepa. Chimodzi mwa zitatuzi ndi chimene mukufunika nonse awiri. Munthu amene waikidwa magazi m'miyezi itatu kapena inayi yapitayi adikire kaye, chifukwa magazi a mwini wake ndi amene analandirawo amasakanikirana, ndipo wa SS atha kuoneka ngati AS.

Inu bambo, ndamva kuti munamuuza mwanayu kuti asadandaule chifukwa magazi anu ndi A, monga zinalembedwera pakhadi pamene munapereka magazi kusukulu. Ndikupempheni mumvetse bwino pamenepa, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. A wa pakhadi lanu ndi gulu la magazi, la m'kaundula wa A, B, AB ndi O, limene timaliyang'ana tikafuna kuika munthu magazi. Limanena za kunja kwa selo. A ndi S amene ndikunena ine ali m'kati mwa selo, ndipo ziwirizi sizikhudzana konse. Munthu wa gulu A atha kukhala AA, AS kapena SS, chimodzimodzinso wa gulu O. Khadi lanu silinayankhe funso lathu.

Palinso nkhani ina imene munamuuza, ndipo ndikuthokozani kuti simunabise. Munati mng'ono wanu anamwalira asanayambe sukulu, kuti ali wakhanda ankatupa manja ndi mapazi n'kumalira usiku wonse, maso ake anali achikasu, ndipo anaikidwa magazi kangapo. Pepani kuti ndikudzutsa chisoni chakale. Sindingatchule matenda a mwana amene sindinamuone, ndipo ku Kabwe kuno pali chifukwa china chosamalira pogamula. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo mtovu nawo umachepetsa magazi a ana, umawapweteketsa m'mimba ndi kuwafooketsa. Malungo ndi njoka za m'mimba zimachepetsanso magazi. Koma kutupa kopweteka kwa manja ndi mapazi mwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka ziwiri, pamodzi ndi chikasu chobwerezabwereza, ndi chizindikiro chodziwika kwambiri cha sikoselo, ndipo mtovu suchita zimenezo. Mtovu suyambitsa sikoselo, ngakhale kuti mwana mmodzi atha kukhala ndi mavuto onse awiri.

Ngati mng'ono wanuyo analidi SS, ndiye kuti bambo ndi mayi anu onse ali ndi S. Inuyo mwakula wathanzi, kotero SS tingaichotsepo. Pa njira zitatu zotsala, imodzi ndi AA ndipo ziwiri ndi AS. Kunena kwina, mnyamata wina aliyense wa mumsewu mwayi woti ndi wonyamula ndi umodzi pa isanu, koma inuyo ungakhale uwiri pa utatu. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Ndikufuna muone chifukwa chake kuyezetsa kwanu n'kofunika kuposa kwa mwana wathuyu.

Mmene zilembozi zimagawikira kwa ana mungaziyese nokha pakhomo. Aliyense wa inu atenge kathumba, aikemo nyemba ziwiri. Yoyera ikhale A, yofiira ikhale S. Mimba iliyonse ndi ngati aliyense wapisa dzanja m'kathumba kake osayang'ana, watulutsa nyemba imodzi, ndipo ziwirizo ndizo za mwana. Mukatero mubwezere nyembazo m'matumba musanayesenso.

Tiyerekeze kuti inu bambo mwapezeka AA, mwana wathuyu AS. M'kathumba kanu muli zoyera zokhazokha, kotero ngakhale mupise kangati, zofiira ziwiri sizingakumane. Mwana aliyense adzakhala AA kapena AS, mwayi wake theka ndi theka, ndipo palibe amene adzadwale. Nkhani yathera pomwepo, chongotsala ndi kudzawauza anawo akadzakula kuti nawonso akayezetse asanakwatire kapena kukwatiwa. Ndiwonjezere kamodzi kokha kuti pali mitundu ina ya himogulobini, monga C wofala kumadzulo kwa Africa, ndi vuto lina lotchedwa thalasemiya, zimene zikakumana ndi S zimabweretsanso matenda. Kuno n'zosowa, koma n'chifukwa chinanso chofunira kuyeza kokwanira kuja ndi kumusonyeza dokotala zotsatira zake.

Tiyerekeze tsopano kuti nonse ndinu AS. Njira zilipo zinayi ndipo zonse n'zofanana mphamvu: yoyera ndi yoyera, yoyera ya mayi ndi yofiira ya bambo, yofiira ya mayi ndi yoyera ya bambo, yofiira ndi yofiira. Ndiye kuti pa mimba iliyonse mwayi wa AA ndi umodzi pa inayi, wa AS ndi uwiri pa inayi, ndipo wa SS ndi umodzi pa inayi. Mawu oti "pa mimba iliyonse" muwagwiritsitse. Anthu ambiri amamva ngati mwa ana anayi mmodzi yekha ndiye adzadwale, ena amafika poganiza kuti ndi wachinayi, n'kumati tidzabereka atatu tidzalekere pomwepo. Ena akabereka woyamba wodwala amati tsoka latha, otsatirawo adzakhala bwino. Nyemba zija zimabwerera m'thumba, ndipo mimba yachiwiri siidziwa zimene zinachitika pa yoyamba. M'mawodi ndinaonamo banja la ana ambiri popanda wodwala ndi mmodzi yemwe, ndinaonanso mayi amene woyamba ndi wachiwiri onse anali SS. Tikawerengera, banja la onyamula awiri likabereka ana awiri, mwayi woti pasakhale wodwala ndi 9 pa 16. Likabereka atatu ndi 27 pa 64, kumene ndi kuchepera theka. Likabereka anayi ndi 81 pa 256, pafupifupi banja limodzi pa mabanja atatu. Ana akamachuluka, mpata wozemba umachepa.

Kuti musankhe bwino muyenera kudziwa moyo wa mwana wa SS mmene ulili, popanda kukometsera kapena kuopseza. Amabadwa wooneka bwino, chifukwa miyezi yoyamba amatetezedwa ndi himogulobini ya ukhanda, imene timaitcha F. Ikayamba kuchepa, pa miyezi 5 kapena 6, mavuto amayamba kuoneka. Chimene chimapha ana aang'ono kwambiri si ululu uja ayi, koma matenda olowa m'magazi, chibayo ndi malungo, chifukwa kapamba, amene amasefa tizilombo, amaonongeka msanga. Nthawi zina kapamba yemweyo amatupa mwadzidzidzi n'kusunga magazi ambiri, mwana amayera m'manja ndi m'zikope, amalefuka, ndipo akapanda kuikidwa magazi atha kumwalira tsiku lomwelo. Pafupifupi mwana mmodzi pa 10 alionse amachita sitiroko asanakule ngati sakulandira chithandizo choteteza. Ululu umabwera mosayembekezereka, koma kuzizira, kuchepa kwa madzi m'thupi ndi kutentha thupi zimauputa, ndipo inu mukudziwa mmene Kabwe amazizirira mu Juni ndi Julaye. Kumene ana sayezedwa ndipo salandira chithandizo, akatswiri amati theka kapena kuposerapo amamwalira asanakwane zaka 5, ambiri matenda awo osadziwika n'komwe. Amenewa ndi ana amene kumudzi amati alodzedwa, kapena amati makolo sanasunge mwambo, agogo osalakwa n'kumalozedwa chala.

Mbali inayo ndi yakuti imfa zambiri mwa zimenezi n'zopeweka, ndipo zopewera zake si zodula kwambiri. Mwana akadziwika msanga amayamba kumwa penisilini kawiri pa tsiku kuyambira ali ndi miyezi iwiri kapena itatu mpaka zaka 5. Amalandira katemera yense, amamwa foliki asidi, amagona m'neti ndi kutetezedwa ku malungo, amamwa madzi ambiri, amavala zofunda. Mayi ndi bambo amaphunzitsidwa kupapasa kapamba kumanzere pansi pa nthiti. Pakhomo pamakhala choyezera kutentha kwa thupi, ndipo chikafika madigiri 38 mwana amapita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, osayamba mwamupatsa panado n'kudikira kuti kuche. Kupuma movutika, kupweteka pachifuwa, kufooka mbali imodzi ya thupi kapena kupotoka pakamwa, zonsezi n'zothamanga nazo. Pali mankhwala otchedwa haidirokisiyuriya, akumwa kamodzi pa tsiku, amene amachititsa thupi kupanganso himogulobini F ija. Amachepetsa ululu, kuikidwa magazi ndi imfa, koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi ndi kumwa mosadumphitsa. M'maiko amene zonsezi zimachitika mokwanira, ana oposa 9 pa 10 alionse amakula. Zambia inayamba kuyeza makanda ongobadwa kumene mu 2021, kuyambira ku University Teaching Hospital ku Lusaka ndi ku Arthur Davison ku Ndola, ndipo alipo anthu a SS m'dziko muno amene anamaliza maphunziro, akugwira ntchito ndipo ali pabanja. Mankhwala ochiziratu aliponso, koma ali patali ndi ife. Kuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa m'bale wogwirizana naye magazi kumafuna kupita kunja ndi ndalama zochuluka, ndipo kuli ndi ngozi zake. Njira yokonza chibadwa imene inavomerezedwa ku Britain ndi ku America mu 2023 mtengo wake umaposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi zitsamba zosandutsa SS kukhala AA, musamupatse ndalama zanu.

Mukapezeka nonse AS, mudzafuna kuti ndikuuzeni chochita, ndipo sindidzakulamulani. Ndaona ena akusiyana mwamtendere, akulira, kenaka aliyense n'kupeza banja kwina, ndipo sindinawaone ngati amantha kapena osakonda. Ndaona ena akukwatirana akudziwa, atagwirizana kubereka ana ochepa, kuyezetsa mwana aliyense akangobadwa, ndi kukhala pafupi ndi chipatala chachikulu. Ena amasankha kulera ana a abale kapena amasiye. Kumaiko ena amayeza mwana akadali m'mimba, kapena amasankha mluza wopanda SS asanauike m'chiberekero, koma zimenezi n'zodula ndipo zimadzutsa mafunso a chikhulupiriro amene mungafune kukambirana ndi abusa anu. Chimene ndimakana ine ndi chimodzi: kulowa m'banja mutatseka maso, n'kumati Mulungu adzaona, pamene Mulungu yemweyo wakupatsani njira yodziwira. Wodzamva ululuwo ndi mwana, amene sanakhalepo pa zokambirana zanu. Ngati mudzasankhe kupitiriza, mudzafunsane mafunso enieni. Ndani adzagone kuchipatala pamene wina ali kuntchito? Ndalama ya galimoto ya usiku idzachokera kuti? Mankhwala akadzasowa kuchipatala cha boma, mudzatha kugula? Ndipo inu bambo, achibale anu akadzanena kuti mkazi ndiye wabweretsa matenda m'banja, mudzaimirira n'kuwauza kuti S mmodzi ndi wanu? Funso lomalizali ndalifunsa dala. Amayi ambiri amene ndinkawapeza m'wodi ya ana anali okha, amuna atathawa, apongozi akuwanena, chonsecho palibe mwana wa SS amene anatenga matendawa kwa mayi yekha.

N'chifukwa chake ndikufuna muyezetse tsopano, malowolo asanaperekedwe, chilanga mulilo chisanakonzedwe, holo isanalipiridwe. Ndalama zikalowa ndiponso makadi akagawidwa, munthu saganizanso momasuka, amangoopa manyazi ndi zonena za anthu. Panopa mukadali ndi ufulu wokhala pansi awiri n'kulingalira modekha. Zotsatira zake ndi zanu awiri. Simukakamizidwa kuzilengeza kumpingo kapena kwa ankhoswe onse, ndipo ngati mudzasiyane, wina asadzayende akuipitsa dzina la mnzake kuti ali ndi magazi oipa. Munthu wa AS alibe chilema chilichonse, ndipo akakumana ndi wa AA palibe mwana wawo amene amadwala sikoselo. Abale anu okha a bere limodzi ndi amene ndingakonde kuti muwauze, chifukwa nawonso atha kukhala onyamula.

Chochita ndi ichi. Pitani nonse tsiku limodzi ku Kabwe Central Hospital, mukaonane ndi dokotala, mumuuze kuti mukukonzekera ukwati, mumusonyeze pepala lija ndi kumufotokozera za mng'ono wanu uja. Mukapemphe kuyeza kosiyanitsa AA, AS ndi SS, ndipo mukatchule dzina lake monga ndalembera pamwambapa. Ngati anganene kuti magazi ayenera kutumizidwa ku Lusaka kapena ku labotale ina, lolani, ngakhale mulipire ndi kudikira masiku angapo. Kuyezaku n'kwa kamodzi moyo wonse. Kuyezetsa sikufuna kusala chakudya. Musakhutire ndi yankho la pakamwa loti "zili bwino". Aliyense aone ndi maso ake pepala la mnzake, pakhale dzina lake ndi zilembo ziwiri zija, ndipo mapepalawo muwasunge pamodzi ndi ziphaso zanu. Mukawalandira mundiimbire foni musanauze wina aliyense, tidzawerengere limodzi.

Moni kwa bambo ndi mayi ako, mwana wanga, ndiponso kwa makolo anu, bambo.

Ndine zakhali wako.